Kulengeza Ntchito Yatsopano pa LinkedIn Popanda Kudzichemerera

LinkedIn ndi tsamba la pa intaneti pomwe anthu amalembapo mbiri ya ntchito zawo, maphunziro awo ndi luso lawo, n'kumalumikizana ndi anzawo a ntchito zofanana. Linatsegulidwa mu 2003 ku America, ndipo mu 2016 kampani ya Microsoft inaligula. Umodzi mwa mauthenga amene amaoneka kawirikawiri patsambali ndi wa munthu amene akulengeza kuti wayamba ntchito kwina, uku akuthokoza anthu amene ankagwira nawo ntchito kumene wachoka. Uthengawu ndi waufupi, koma umavuta kulemba chifukwa nkhani yake ndi yokomera wolembayo, ndipo woinena ndi iye yemweyo. Mwa chizolowezi cha anthu ambiri, zabwino za munthu amanena ndi ena, mwiniwake ali phee. Pa LinkedIn palibe womunenera.

Owerenga uthengawu ndi anthu osiyanasiyana, ndipo aliyense amaumva mwakemwake. Anzake a kuntchito yakale amafuna kuona ngati awakumbukira komanso mmene awatchulira. Mabwana atsopano amaona khalidwe la munthu amene angomulemba kumene. Palinso anzake a kusukulu amene mwina atha zaka akuponya makalata ofunsira ntchito osayankhidwa, komanso anthu amene tsiku lina adzafuna kumulemba ntchito ndipo adzayamba afufuza zimene analembapo m'mbuyomu. Mawu amene angasangalatse gulu limodzi akhoza kubaya gulu lina, n'chifukwa chake wolemba waluso amayamba waganizira amene angamve kuwawa powerenga, osati amene angamuyamikire.

Nthawi yolengezera

Anthu ambiri amalakwitsa asanalembe n'komwe liwu loyamba, polengeza nthawi isanakwane. Foni yochokera kwa olemba ntchito yonena kuti munthu wapambana intaviyu si ntchito ayi. Kalata yoitanira kuntchito imatha kuchedwa, malipiro amatha kusiyana ndi amene anakambirana, ndipo m'mabungwe odalira thandizo la ndalama lochokera kunja, udindo wonse umatha kufufutidwa ndalamazo zikapanda kufika. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndondomeko yosachititsa manyazi ndi yakuti munthu asaine kaye kontirakiti, auze bwana wake pamaso, apereke notisi, atsanzike anzake a mu ofesi, akayambe ntchito kwatsopanoko, ndiyeno alembe. Bwana amene wamva pa intaneti kuti wantchito wake akuchoka samaiwala msanga, ndipo ndi yemweyo amene olemba ntchito am'tsogolo adzamuimbira foni kufunsa za khalidwe la munthuyo.

Ku Malawi, lamulo lokhudza ntchito la mu 2000 limalola kuti munthu wa luso aikidwe pa pulobeshoni kwa nthawi yosapitirira miyezi 12, ndipo m'nyengo imeneyi mbali iliyonse ikhoza kuthetsa mgwirizano popanda notisi. Izi sizikutanthauza kuti munthu adikire pulobeshoni yonse ithe, chifukwa nkhaniyo idzakhala itazizira ndipo kuthokozako kudzaoneka kochita kukumbutsidwa. Sabata yoyamba kapena yachiwiri pantchito yatsopano ndi nthawi yabwino: munthu wakhalapo pampando, waona kuti dzina la udindo wake ndi lomwelo limene lili m'kalata, ndipo wapeza mpata wofunsa ngati bungwelo lili ndi malamulo pa zimene antchito ake amalemba pa intaneti. Maudindo akuluakulu amakhala ndi mwambo wake. Kawirikawiri kampani ndi imene imayamba kulengeza, mwiniwake n'kutsatira pambuyo.

Palinso kamsampha ka pamakinapo. Munthu akamawonjezera ntchito yatsopano pagawo la Experience, pamakhala kabatani kolembedwa Notify network. Kakakhala koyatsa, anthu olumikizana naye akhoza kulandira uthenga woti wasintha ntchito iye asanakonzeke. Amene akufuna kungokonza mbiri yake mwakachetechete amayamba wazimitsa kabataniko. Ndi bwinonso kuika mwezi umene ntchito yakale inatha, apo ayi tsambalo limaonetsa ngati munthuyo akugwira ntchito ziwiri nthawi imodzi. Akamaliza, LinkedIn imatha kumupatsa mawu okonzeratu oyamba ndi "I'm happy to share that I'm starting a new position as", otsatiridwa ndi udindo ndi dzina la kampani. Mawuwa alibe matama, koma alibenso munthu aliyense amene athokozedwa, ndipo owerenga anawaona kambirimbiri moti amangodina chala chosonyeza kukondwera n'kupitirira.

Pamene kudzitama kumabisala

Uthenga wa pa LinkedIn ukhoza kufika zilembo 3,000, koma owerenga amaona mizere iwiri kapena itatu yoyambirira yokha, kwinako amaona akadina kuti apitirize. Choncho nkhani yeniyeni, yoti wayamba ntchito yanji ndipo kuti, iyenera kukhala pamwamba ndiponso inenedwe mwachindunji. Ena amaopa kuti kunena mwachindunji ndi kumene kuli kudzitama, ndiye amayamba n'kuzungulira: mbiri ya ubwana wawo, mavuto amene anadutsamo, usiku umene anachezera. Komatu kuzungulira koteroko n'kumene kumakulitsa nkhani. Chiganizo chakuti munthu wayamba ntchito yakuti pamalo akuti ndi chidziwitso chabe, ndipo palibe amene angachitche matama.

Chitsanzo chingathandize. Mayi wina, wowerengera ndalama, wagwira ntchito zaka zinayi pakampani yaing'ono yogula ndi kugulitsa mbewu ku Lilongwe, ndipo tsopano walembedwa ngati mkulu woyang'anira za chuma pabungwe lina ku Blantyre. Mauthenga ambiri a pa LinkedIn amalembedwa m'Chingelezi, koma kamangidwe kake n'kamodzi m'chinenero chilichonse. Atangoyamba kulemba, mawu amene anabwera msanga anali awa:

"Ndine wodzichepetsa kwambiri polengeza kuti mwa anthu ochuluka amene anafunsira ntchitoyi, ine ndi amene ndasankhidwa kukhala mkulu wa za chuma. Sindinkayembekezera kuti mtsikana wochokera kumudzi ngati ine ndingafike apa. Ndikuthokoza kampani yanga yakale pondipatsa mpata wosintha kasungidwe konse ka mabuku a ndalama, kuchepetsa ngongole za makasitomala ndi theka, ndiponso kuphunzitsa anzanga luso latsopano. Khama limapindula. Musataye mtima."

Mayiyu sananame paliponse, ndipo mumtima mwake ankaona kuti wathokoza. Koma wochita chilichonse mu uthengawu ndi iye: wasankhidwa, wafika, wasintha, wachepetsa, waphunzitsa. Kampani yakale yangokhala bwalo pomwe iye anaonetserapo luso. Chiganizo chothokozacho, chikayang'anidwa bwino, ndi mndandanda wa zimene iye anachita, wongovekedwa mawu oti "ndikuthokoza" kumayambiriro. Choipa kwambiri n'chakuti chikunena mosabisa kuti asanabwere iye mabuku anali osokonekera, ngongole zinali mbwee, ndipo anzake analibe luso. Anthu amene akunenedwa moteremu ndi omwewo amene akuyembekezeka kulemba mafuno abwino pansi pake. Kutchula kuchuluka kwa amene anafunsira ntchitoyo kukukumbutsa aliyense amene analephera kuti analephera. Malangizo akumapetowo akumuika mayiyu pamalo a mphunzitsi, pomwe palibe anamupempha.

Mawu oti "ndine wodzichepetsa" ndi amene amapusitsa ambiri. Ofufuza za khalidwe la anthu, Övül Sezer ndi anzake awiri, anasindikiza mu 2018 zotsatira zosonyeza kuti munthu amene amabisa kudzitama m'mawu odzichepetsa kapena odandaula sakondedwa kwenikweni poyerekeza ndi amene amangodzitama poyera, chifukwa anthu amamuona ngati wachiphamaso. Sizifunanso kafukufuku kuti munthu azindikire zimenezi. Kudzichepetsa kumaoneka ndi ena, ndipo kukangolengezedwa ndi mwiniwake, owerenga amayamba kukayika zotsatira zonse.

Pali njira yapafupi yoyesera uthenga usanatumizidwe. Wolemba awerenge chiganizo chilichonse n'kudzifunsa kuti wochita ndani. Pachiganizo cholengeza ntchito, wochita ndi iye, ndipo palibe cholakwika. Koma paziganizo zothokoza, wochita ayenera kukhala wothokozedwayo. Mayi uja atalembanso motsatira zimenezi, uthenga unatuluka chonchi:

"Mwezi uno ndayamba ntchito ngati mkulu woyang'anira za chuma pabungwe lakuti ku Blantyre. Ndisanapite patali, ndithokoze anthu amene ndagwira nawo ntchito zaka zinayi ku Lilongwe. Mayi Uje, munakhala nane mpaka usiku mwezi wanga woyamba, kundionetsa mmene timayanjanitsira mabuku athu ndi sitetimenti ya kubanki, ndipo simunandipsere mtima nditalakwitsa kawiri. Bambo Uje, munandilola kuyankha ndekha mafunso a maodita pamene ine ndinkaona kuti sindinafikepo. Anzanga a kusikelo ndi kunkhokwe, malisiti anu ankafika ali m'ndondomeko ngakhale nyengo yokolola itafika pachimake, ndipo n'chifukwa chake mwezi unkatsekeka pa nthawi yake. Zikomo kwambiri nonse. Kunoku ntchito yanga ikhudza malipoti a ndalama za mapulojekiti a zaumoyo, gawo limene ndili ndi zambiri zoti ndiphunzire."

Uthengawu ndi wa mawu pafupifupi 100, ndipo sunabise kuti mayiyu wakwera. Wowerenga wodziwa ntchito ya maakaunti akhoza kuona yekha kuti munthuyu amadziwa kutseka mabuku a mwezi, anayankhapo maodita, ndipo anagwirapo ntchito m'nyengo ya chipwirikiti. Luso lake laonekera kudzera mu zimene ena anamuchitira, iye osalitchula. Chimene chapatsa mphamvu kuthokozaku ndi tsatanetsatane wake. Mawu onga "ndikuthokoza nonse chifukwa cha thandizo lanu" angalembedwe ndi aliyense kwa aliyense, pomwe nkhani ya usiku wa sitetimenti ya kubanki ndi ya anthu awiri okha, ndipo wothokozedwayo akaiwerenga amadziwa kuti sanaiwalidwe. Chiganizo chomaliza chikunena za ntchito imene ikubwera, osati za ulemu wa udindowo, ndipo chikuthandiza anthu a m'gawo lomwelo kudziwa chifukwa chomulumikizira.

Nambala za zimene munthu anakwanitsa zili ndi malo ake. Zimakhala bwino pansi pa ntchito yakaleyo pagawo la Experience, pomwe wofuna kulemba anthu ntchito amapita kukazifuna yekha. Ngakhale pamenepo, wowerengera ndalama, namwino, loya kapena wa kubanki ayenera kusamala, chifukwa kuchuluka kwa ngongole za makasitomala kapena phindu la kampani ndi zinsinsi za olemba ntchito, ndipo makontirakiti ambiri amaletsa kuziulula ngakhale munthu atachoka.

Anthu ambiri opemphera amafuna kuthokozanso Mulungu, ndipo kwa owerenga ambiri zimenezi si zachilendo. Chiganizo chimodzi chimakwanira. Zimayamba kumveka mwina pamene uthengawo wasanduka umboni wa adani amene achita manyazi ndi anthu amene ankati sangafike patali, chifukwa anzake a ku ofesi yakale amayamba kuyang'anizana, aliyense kudzifunsa ngati mdaniyo ndi iye.

Kutchula mayina

Pa LinkedIn, munthu akalemba chizindikiro cha @ n'kutsatiza dzina, tsambalo limaonetsa mayina oti asankhepo, ndipo wosankhidwayo amalandira uthenga woti watchulidwa. Kutaga koteroku kumachititsa kuti wothokozedwa aone msanga, koma kumamukokeranso pagulu. Si aliyense amene amafuna dzina lake lioneke pa uthenga wa munthu amene wapita kukampani yopikisana ndi yawo, makamaka ngati bwana wamkulu sanasangalale ndi kuchokako. Kauthenga kapafoni kofunsa kuti "Bwana, ndikufuna ndikutchuleni pothokoza, kodi zili bwino?" kamathetsa nkhawa imeneyi. Komanso tagi imatulutsa dzina monga mmene mwiniwake analilembera patsamba lake, kawirikawiri popanda mawu aulemu, choncho wolemba amene sangaitane bwana wake ndi dzina lokha pamaso amayamba walemba "Mayi", "Bambo" kapena "Dokotala" kenako n'kuika tagiyo. Mayina ofanana ndi ambiri, ndiye ndi bwino kuyang'ana chithunzi ndi malo antchito a munthu asanamusankhe.

Funso lovuta ndi la kuchuluka kwa otchulidwa. Kutchula anthu 20 kumaoneka ngati njira yokopera ndemanga zambiri, ndipo kumapweteka kwambiri wa nambala 21 amene wasiyidwa, chifukwa mndandanda ukatalika, wosowapo amadziwa kuti sikunali kusowa kwa malo. Kutchula awiri kapena atatu pa zifukwa zooneka, kenako n'kuthokoza magulu monga dipatimenti yonse, sikukhumudwitsa anthu kwenikweni, poti aliyense akuona chifukwa chimene awiriwo atchulidwira. Chizolowezi china chosakoma n'chotchula mabwana okhaokha, kuyambira wamkulu kutsika m'munsi, ngakhale ena mwa iwo sanalankhulepo ndi wolembayo. Owerenga amaona kuti munthuyo akungofuna kuonetsa anthu otchuka amene amawadziwa. Dalaivala, mesenjala ndi mlonda mwina sali pa LinkedIn n'komwe, koma kuwatchula ndi ntchito zawo kumamveka bwino, malinga ngati anatsanzikidwanso pamaso, chifukwa uthenga umene iwo sadzauona sungalowe m'malo mwa kugwirana chanza.

Pamene kuchokako sikunali kwamtendere

Si onse amene amachoka akusekerera. Ena amachotsedwa pochepetsa antchito, ena kontirakiti yawo imatha osawonjezeredwa, ena amathawa bwana wovuta. Munthu wotere sakakamizidwa kuyamikira kampani imene inamuzunza, ndipo kuthokoza kwabodza anthu a mkati amakuzindikira nthawi yomweyo. Chimene angachite ndi kuthokoza anthu enieni amene anamuchitira zabwino, kampaniyo n'kungoitchula ngati malo amene anakumanirako. Ngati palibe ngakhale mmodzi, uthenga wolengeza ntchito yatsopano yokha ndi wokwanira. Chofunika kupewa ndi mawu okuluwika, monga akuti tsopano wapita kumene anthu amadziwa kuyamikira luso, kapena kuti wapeza malo a mtendere. Aliyense amamva kumene mwalawo walunjika, ndipo bwana watsopano amadziwiratu zimene zidzalembedwe za iye tsiku lina. Amene anachotsedwa pochepetsa antchito akhoza kunena zimenezo poyera ngati akufuna, popeza si mlandu, ndipo akhoza kuthokoza amene anamutumizira zotsatsa ntchito kapena kumuchitira umboni pa miyezi imene anali pakhomo. Akumbukirenso kuti ena amene anachotsedwa naye limodzi akadali kufunafuna.

Chithunzi ndi zotsatira zake

Chithunzi si chokakamiza. Chikafunika, cha gulu la anzake pa tsiku lotsanzikana chimagwirizana bwino ndi uthenga wothokoza, bola amene akuonekamo avomere. Chithunzi cha galimoto ya kampani, cha mpando wa mu ndege kapena cha ofesi yaikulu chimafafaniza kudzichepetsa konse kumene kuli m'mawu. Kujambula kalata yolembedwera ntchito kapena chitupa cha kuntchito ndi koopsa mwa njira ina: pamakhala nambala ya wantchito, siginecha ya bwana, nthawi zina ngakhale malipiro, ndipo akuba a pa intaneti amagwiritsa ntchito zoterezi ponamizira kuti ndi a kampaniyo.

Uthenga ukatumizidwa, ndemanga zimabwera zambiri masiku oyambirira. Kuyankha mabwana ndi anthu otchuka okha, ena n'kuwadumpha, kumaonekera poyera chifukwa mayankho onse ali pamalo amodzi. Yankho lalifupi kwa aliyense limakwanira, ndipo mnzake wakale akalemba zoyamikira luso la wolembayo, "zikomo kwambiri" ndi yankho lokwana, popanda kukana mwachiphamaso kapena kuwonjezera zina zimene mnzakeyo waiwala kutchula. Dzina likalembedwa molakwika kapena munthu wofunika akaiwalidwa, uthengawo umakonzeka podina timadontho titatu ta pakona n'kusankha Edit post, ngakhale kuti woiwalidwayo amayeneranso kuimbiridwa foni. Amene anaika chizindikiro chobiriwira cha Open to work pachithunzi chake ayenera kuchichotsa, kuopa kuti mabwana atsopano angaganize kuti wayamba kale kuyang'ana kwina. Pakapita masiku angapo, kumabweranso mauthenga apadera a anthu opempha kuti awapezere malo kumeneko. Munthu amene wangofika kumene alibe mphamvu yolembetsa aliyense ntchito, ndipo yankho loona ndi kunena zimenezo mwaulemu, n'kuwauza kumene bungwelo limalengezera mipata ya ntchito ikapezeka.